Makilomita 40 m'ola limodzi: masekondi otsalawo amabisala pati?

Pa mipikisano yonse ya njinga, pali umodzi womwe munthu alibe pobisala. Opalasa sanyamukira pamodzi ngati gulu. Amanyamuka mmodzimmodzi, kawirikawiri motalikirana mphindi imodzi, ndipo malamulo salola kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo. Wogwira wotchi amawerenga masekondi asanu omaliza mokweza, wina atagwira chishalo kuti njinga isagwe, kenako amakusiya. Kuyambira pamenepo zotsala ndi msewu, mphepo ndi nthawi basi.

Ku America mtunda wotchuka wa mpikisano umenewu ndi makilomita 40. Ku Britain, komwe mwambowu unazika mizu kalekale, amayeza mamailosi 25, omwe ndi makilomita 40.23. Konseku opalasa ongokonda masewerowa ali ndi malire amodzi omwe amawalota: kumaliza ola lisanakwane. Beryl Burton ndiye mkazi woyamba kuswa malire amenewa pa mamailosi 25, m'chaka cha 1963. Mu 1978 Alf Engers anamaliza mtunda womwewo m'mphindi 49 ndi masekondi 24, n'kukhala munthu woyamba kutsika pansi pa mphindi 50. Akatswiri a lero anapitirira pamenepo, koma kwa mphunzitsi, kalaliki kapena makaniko amene amapalasa m'mawa asanapite kuntchito, ola limodzi likadali khoma lalitali.

Chomwe chimachititsa kuti malirewa akome n'chakuti masamu ake ndi oyera. Makilomita 40 m'ola limodzi ndi liwiro la makilomita 40 pa ola, ndipo kilomita iliyonse imadya masekondi 90 ndendende. Koma kuyera komweku kumapusitsa anthu. Ambiri amawerengera molakwika liwiro lomwe anathamanga, ndipo ochuluka kuposa pamenepo sazindikira kukula kwenikweni kwa mpata womwe watsala. Tiyeni titenge wopalasa mmodzi, timutsatire mpaka kumapeto.

Wopalasa wathu wamaliza makilomita 40 mu ola limodzi, mphindi 3 ndi masekondi 45. Papepala la zotsatira alemba 1:03:45. Akufuna kudziwa zinthu ziwiri: anathamanga liwiro lanji, ndipo watsala pati kuti afike pa ola.

Liwiro la ulendo wonse, lomwe opalasa amangoliti avereji, ndi mtunda wonse kuugawa ndi nthawi yonse. Palibenso china. Vuto lili pa nthawiyo, chifukwa wotchi imawerenga mpaka 60 isanayambirenso, pomwe kakyuleta ya pafoni imawerenga m'makumi ndi m'mazana. Munthu akaona 1:03:45 n'kulemba 1.0345 pakakyuleta, yankho limatuluka 38.67, ndipo amagona akusangalala ndi liwiro lomwe sanathamange. Wina amachenjerako pang'ono, amasandutsa ola kukhala mphindi, n'kulemba 63.45. Nayenso waphonya, chifukwa masekondi 45 si magawo 45 pa 100 a mphindi. Ndi magawo atatu mwa anayi a mphindi, kutanthauza 0.75. Nambala yoona ndi 63.75.

Njira yosaphonyetsa ndi kusandutsa zonse kukhala masekondi musanachite china chilichonse. Ola limodzi ndi masekondi 3600. Mphindi zitatu ndi 180. Kuwonjezerapo 45 aja, tapeza 3825. Ndiye timachulukitsa mtunda ndi 3600 n'kugawa ndi masekondiwo:

```
liwiro = makilomita x 3600 / masekondi
40 x 3600 / 3825 = 37.65
```

Wopalasa wathu anathamanga makilomita 37.65 pa ola. Poti mtunda ndi 40 nthawi zonse, nambala ya pamwamba sisintha, imakhala 144000. Ndi nambala yoyenera kuiloweza pamtima, chifukwa imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Mukaigawa ndi masekondi imakupatsani liwiro, mukaigawa ndi liwiro imakupatsani masekondi. Amene amasunga zotsatira zake pakompyuta, ngati walemba 1:03:45 m'kabokosi ka A1, angagwiritse ntchito izi:

```
=40/(A1*24)
```

Nambala 24 ilipo chifukwa mapulogalamu amenewa amasunga nthawi ngati gawo la tsiku. Yankho likatuluka looneka ngati nthawi ya pawotchi, kabokosiko kasinthidwe kuti kazionetsa nambala wamba.

Tsopano mpata. Kuchoka pa 3825 kufika pa 3600 ndi masekondi 225, kapena kuti mphindi 3 ndi masekondi 45. Apa ndi pomwe nkhani imayamba kukoma, chifukwa mpata womwewu ungathe kuoneka waung'ono kapena waukulu malinga ndi mbali yomwe mwaimira.

Mukauyang'ana pa liwiro, ndi makilomita 2.35 pa ola. Zikumveka ngati zochepa. Munthu amaganiza kuti, aa, nanga ziwiri zokhazi, ndingolimbikirako pang'ono. Mukauyang'ana pa msewu, nkhope imasintha. Pamene wotchi inkagunda ola limodzi, wopalasa wathu anali atayenda makilomita 37.65 okha. Mzere womaliza unali makilomita awiri ndi mamita 350 kutsogolo, kutali koti sakanauona n'komwe. Akanakhala kuti akupikisana ndi munthu wa ola limodzi, mnzakeyo akanakhala atatsika kale panjinga, atamwa madzi, iye akadali m'njira.

Koma muyeso umene ndimaukhulupirira kuposa yonse ndi wachitatu: masekondi pa kilomita. Gawani 225 ndi 40, mupeza 5.6. Wopalasa wathu amatenga masekondi 95.6 pa kilomita iliyonse, pomwe akufunika 90. Muyesowu ndi wabwino chifukwa thupi limaumva. Munthu angathe kupeza msewu wathyathyathya, kuyeza kilomita imodzi, kuipalasa m'masekondi 96, kenako kubwereza m'masekondi 90, n'kumva m'ntchafu ndi m'chifuwa kusiyana kwake. Akatero amadzifunsa funso loona: kodi ululu umenewu ndingausenze ka 40 motsatizana osapuma? Ubwino winanso ndi wakuti masekondi amaphatikizika mosavuta. Mukataya asanu apa ndi atatu apo, mwataya asanu ndi atatu. Liwiro silimvera lamulo limeneli, ndipo posachedwapa tiona chifukwa chake.

Mpikisano wa Tour de France wa 1989 unatha ndi masamu omwewa. Tsiku lomaliza unali mpikisano wa mmodzimmodzi wa makilomita 24.5, kuchokera ku Versailles kukathera ku Paris. Laurent Fignon ankatsogola ndi masekondi 50 pamwamba pa Greg LeMond. Kugawa 50 ndi 24.5 kumapereka masekondi awiri ndi pang'ono pa kilomita, ndipo ambiri ankaona kuti pakati pa akatswiri awiri ofanana mphamvu chotere, mpata umenewu sungatsekeke pamtunda waufupi choncho. LeMond anavala chisoti chosongoka kumbuyo, n'kumangirira pachiwongolero timitengo tiwiri totsamirapo mikono kutsogolo. Fignon anapalasa wopanda chisoti, ndi chiwongolero chopanda timitengoto. LeMond anamaliza m'mphindi 26 ndi masekondi 57, liwiro la makilomita 54.5 pa ola, ndipo Fignon anachedwa ndi masekondi 58. Pa kilomita iliyonse LeMond ankalanda masekondi pafupifupi 2.4 m'malo mwa awiri omwe ankafunika. Kachidutswa kapamwambako, ataunjikana pamtunda wonse, ndiye masekondi 8 omwe anapambana nawo mpikisano wa milungu itatu.

Kulakwitsa kofala kwambiri kumabwera ndi mphepo

Misewu yambiri ya mpikisanowu ndi yopita n'kubwerera: makilomita 20 kupita, kutembenuka, makilomita 20 kubwerera. Amakonza chonchi dala kuti wina asapindule ndi mtsetse kapena mphepo yokankha njira yonse. Ndiye maganizo amauza munthu kuti zomwe mphepo yandilanda popita idzandibwezera pobwerera. Sizitero.

Tinene kuti tsiku lina wopalasa wathu wakhwima, ndipo popita, mphepo ikumuomba kumaso, akuyenda 36 pa ola. Pobwerera, mphepo ikumukankha, akuyenda 44. Kuphatikiza 36 ndi 44 n'kugawa pawiri kumapereka 40. Iye akufika pamzere ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wakwanitsa. Wogwira wotchi akumuuza kuti 1:00:36.

Palibe amene wamubera. Tiwerenge nthawi ya chigawo chilichonse payokha. Makilomita 20 pa liwiro la 36 amatenga masekondi 2000, omwe ndi mphindi 33 ndi masekondi 20. Makilomita 20 pa liwiro la 44 amatenga masekondi 1636, mphindi 27 ndi masekondi 16. Pamodzi ndi 3636, ndipo 144000 kugawa ndi 3636 ndi 39.6. Chinsinsi chake chili poyera: iye anakhala nthawi yaitali akuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi nthawi yomwe anakhala akuthamanga. Mphindi 33 anali pa 36, mphindi 27 zokha ndi zomwe anali pa 44. Chigawo chochedwa chimalemera kwambiri pa avereji chifukwa chimatenga nthawi yochuluka. Popita anataya masekondi 200 poyerekeza ndi theka la ola, pobwerera anabweza 164 okha.

Ndiye ankafunika liwiro lanji pobwerera? Atafika potembenukira pa 33:20, anatsala ndi masekondi 1600 kuti ayende makilomita 20. Kuchulukitsa 20 ndi 3600 n'kugawa ndi 1600 kumapereka 45. Anatsika ndi zinayi popita, koma anayenera kukwera ndi zisanu pobwerera. Mphepo ikakula, nkhanza zake zimakula mofulumira kuposa pamenepo. Amene yamutsitsa mpaka 32 pa ola popita amafika potembenukira pa 37:30, ndipo kuti apulumutse ola lake ayenera kubwerera pa 53.3, liwiro loyandikira la LeMond tsiku lija ku Paris. Masekondi otayika ali ngati ndalama ya katapila: umabwereka zochepa, koma pobweza amafuna zambiri, ndipo ukachedwa kubweza ngongoleyo imakula kuposa mphamvu zako.

Zitunda zimachita chimodzimodzi. Kukwera kilomita imodzi pa 25 pa ola kumatenga masekondi 144, kutsika kilomita yomweyo pa 55 kumatenga 65. Pamodzi ndi 209, pomwe makilomita awiri athyathyathya pa liwiro lofunika akanatenga 180. Chitunda chimodzi chadya pafupifupi theka la mphindi, ngakhale wopalasa watsikira pomwe anayambira.

Apa pali phunziro la kapalasidwe lomwe limachokera m'masamu mwachindunji. Poti nthawi yambiri imatayika pomwe njinga ikuyenda pang'onopang'ono, mphamvu yowonjezera imapindula kwambiri ikathiridwa pomwepo, pokwera ndi polimbana ndi mphepo, kusiyana ndi pamtsetse pomwe njinga ikuuluka kale. Sindikunena zodzipha pachitunda choyamba. Ndi kuwonjezera pang'ono chabe, n'kupumirako pang'ono pomwe msewu ukukuthandiza. Amene amachita mosemphanitsa, kunyengerera chitunda n'kukalusa pamtsetse chifukwa nambala zapakawotchi zikusangalatsa maso, amataya nthawi ngakhale watopa mofanana ndi mnzake.

Pakati pa msewu

Masamu a panyumba ndi ena, a pamsewu ndi ena. Munthu amene mtima wake ukugunda ngati utuluka sangagawe 144000 ndi chilichonse. N'chifukwa chake opalasa odziwa amamata kapepala pachiwongolero kapena pamtengo wapakati wa njinga, polembedwa nthawi zofikira malo angapo. Kwa wofuna ola limodzi n'zosavuta: kilomita ya 10 pa 15:00, ya 20 pa 30:00, ya 30 pa 45:00. Akadutsa chizindikiro amangoyang'ana wotchi n'kuchotsera.

Kawotchi kapachiwongolero kamaonetsanso avereji, ndipo ambiri amadalira nambala imeneyo. Ine ndimaiona ngati nambala yogonetsa tulo. Taonani wopalasa amene wafika pa kilomita ya 30 wotchi ikuti 45:40. Avereji yake ikuonetsa 39.4, ndipo mumtima akuti ndatsala pang'ono, sindinafike n'komwe pa kilomita imodzi pa ola. Koma watsala ndi mphindi 14 ndi masekondi 20, omwe ndi masekondi 860, kuti ayende makilomita 10. Kilomita iliyonse iyenera kutha m'masekondi 86, liwiro la 41.9, ndipo izi zikufunika kwa munthu amene kwa mphindi 45 walephera kusunga 40, miyendo italema kale. Akazengereza n'kufika pa kilomita ya 35 ali ndi masekondi 40 omwewo m'mbuyo, otsalawo ayenera kuwayenda pa 43.9. Avereji imasuntha mwaulesi kumapeto kwa ulendo chifukwa yanyamula mtunda wonse wam'mbuyo, ndiye imabisa kukula kwa ntchito yomwe yatsala. Funso lothandiza pamsewu ndi ili: ndili m'mbuyo ndi masekondi angati, ndipo kwatsala makilomita angati? Masekondi 40 pa makilomita 10 ndi anayi pa kilomita. Amenewo ndi masamu omwe ngakhale mutu wotopa ungathe.

Palinso masekondi ena omwe amatayika ngakhale zonse zitayenda bwino. Wotchi imayamba njinga itaima, ndipo pamatenga kanthawi kuti ifike pa liwiro lake. Potembenukira pamafunika mabuleki, kukhota, n'kuyambanso kukoka. Tinene kuti ziwirizi pamodzi zadya masekondi 25. Ndiye kuti ulendo wonse uyenera kuyendedwa ngati wa masekondi 3575, ndipo 144000 kugawa ndi 3575 ndi 40.3. Amene amayang'anitsitsa kuti kawotchi kazionetsa 40.0 nthawi zonse pamsewu wowongoka adzamaliza ola litapitirira. Chomwe sayenera kuchita ndi kuyesa kubweza masekondi a ponyamukawo m'makilomita awiri oyamba. Kulusa koyambirira ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri pa kilomita ya 25. Masekondi 25 akagawidwa pamtunda wonse safika n'komwe pa sekondi imodzi pa kilomita.

Kodi mtundawo ndi 40 zoona?

Masamu onsewa aima pa mwendo umodzi, wakuti mtunda ndi wolondola. Pa liwiro la 40 pa ola njinga imayenda mamita 11 pa sekondi, ndiye mamita 100 alionse olakwika ndi masekondi 9. Msewu ukafupika ndi mamita 400, gawo limodzi lokha pa 100, wopalasa amalandira masekondi 36 aulere n'kumadzitama ndi nthawi yomwe si yake. Ichi n'chifukwa chakenso nthawi za ku Britain siziyerekezedwa mwachisawawa ndi za makilomita 40. Mamita 234 owonjezera a mamailosi 25 ndi masekondi 21 kwa munthu wa liwiro limeneli. Amene wamaliza makilomita 40 pa 59:50 waswa ola, koma pamsewu wa ku Britain akanalemberedwa 1:00:11.

Kwa amene akudziyesa yekha popanda okonza mpikisano, kawotchi ndiko kamakhala woweruza, choncho kayenera kufunsidwa mafunso. Kamene kamawerenga kuzungulira kwa wilo kamadalira nambala yomwe mwiniwake analowetsamo, ya kutalika kwa mkombero wa tayala. Tayala lolembedwa 700x25 kawirikawiri amaliwerengera mamilimita 2105, la 700x23 mamilimita 2096. Kusiyana kwa mamilimita 9 kukuoneka kopanda pake, koma wilo limazungulira pafupifupi ka 19,000 pa makilomita 40, ndipo zotsatira zake ndi mamita 170, masekondi 15. Kuyeza nokha n'kosavuta. Popani tayala monga mumapopera pa tsiku la mpikisano, ikani valavu pansi penipeni, lembani mzere ndi choko pasimenti. Khalani panjinga kuti tayala liphwatalale monga limachitira pamsewu, wina akugwireni, muyende molunjika mpaka valavu itazungulira kasanu n'kubwereranso pansi. Lembani mzere wachiwiri, yezani ndi tepi, gawani ndi zisanu. Nambala imeneyo ndiyo yanu.

Mawotchi a GPS safuna zimenezi, koma nawonso amasokonezeka pansi pa mitengo yowirira ndi m'makona. Ambiri alinso ndi kachitidwe koimitsa nthawi njinga ikaima, ndipo avereji yomwe amaonetsa imakhala ya nthawi yoyenda yokha. Wogwira wotchi pampikisano saimitsa nthawi chifukwa tcheni chagwa. Poyesa, kachitidwe kameneka kazimitsidwe. Ndipo ngakhale zonse zili bwino, nambala ya 40.0 pagalasi ingathe kukhala 39.95 yomwe yakwezedwa, ndipo 39.95 ndi 1:00:04 ndi kachidutswa. Amene akusaka ola ayang'ane nthawi, osati liwiro.

Mtengo wa masekondi 225

Tibwerere kwa wopalasa wathu wa 1:03:45. Kuti afike pa ola, liwiro lake liyenera kukwera ndi 6.25 peresenti, chifukwa 3825 kugawa ndi 3600 ndi 1.0625. Munthu angaganize kuti mphamvu nayo ikwere ndi 6 peresenti basi. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa pakatha miyezi yolimbikira.

Pa liwiro limeneli, pamsewu wathyathyathya, mdani wamkulu ndi mpweya. Magawo opitirira 80 pa 100 a mphamvu ya wopalasa amathera pong'amba mpweya, otsalawo ndi a matayala pamsewu ndi tcheni. Mpweya ulinso ndi khalidwe loipa. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi, ndipo poti ukulimbana nako uku ukuyenda mofulumira kawiri, mphamvu yofunika imawirikiza kasanu ndi katatu. Choncho kuti tidziwe mtengo wa liwiro latsopano, timachulukitsa nambala ija katatu:

```
1.0625 x 1.0625 x 1.0625 = 1.20
```

Mphamvu yolimbana ndi mpweya iyenera kukwera ndi 20 peresenti. Tikaphatikiza gawo la matayala, lomwe limakwera pang'onopang'ono, zonse pamodzi zimafika cha m'ma 18 peresenti. Ngati wopalasa wathu ali ndi kachipangizo koyeza mphamvu pamapedulo ndipo kanaonetsa mawati 250 pa ulendo wake, ola limodzi likufuna mawati pafupifupi 295, atakhala panjinga mofanana ndi kale, pamsewu womwewo, nyengo yomweyo. Kwa munthu amene wayamba kumene, kukwera kotere kungabwere. Kwa amene wapalasa mwakhama zaka zambiri, mawati 45 ndi phiri.

M'miyendo zimaoneka chonchi. Ndi giya ya mano 53 kutsogolo ndi 15 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumayendetsa njinga mamita 7.4. Pa 37.65 pa ola miyendo imazungulira ka 84 pa mphindi, pa 40 imazungulira pafupifupi ka 90. Kasanu ndi kamodzi kokha pa mphindi, koma kupalasa kulikonse kwalemeranso kuposa kale.

Lamulo lomweli lili ndi mbali yake yokoma. Poti mpweya ndiwo ukudya zambiri, kuchepetsa thupi lomwe mphepo ikuliona kumagula masekondi popanda kuwonjezera mphamvu. Kuchepetsa kukankha kwa mpweya ndi 10 peresenti kumakweza liwiro ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo kwa wopalasa wathu zimenezo ndi masekondi oposa 100, pafupifupi theka la mpata wake. Gawo lalikulu la kukankhako limachokera pathupi la munthu, osati panjinga. Ndiye musanaganize za mawilo okwera mtengo, yang'anani zotsika mtengo: zigongono zibwere pafupi, mutu utsike pakati pa mapewa, msana ugone, malaya asakupize. Malire ake ndi akuti munthu akawerama mopitirira, ntchafu zimapanikizika pamimba, kupuma kumavuta, mphamvu imatsika, ndipo pofika kilomita ya 30 amadzuka n'kukhala tsonga, n'kutaya zonse zomwe anapindula. Kakhalidwe kabwino ndi komwe angakasunge ola lathunthu, maso akuona msewu. Kupalasa mutu uli pansi osaona kutsogolo kwapha anthu pamipikisano imeneyi, ndipo palibe sekondi yoyenera mtengo umenewo.

Pali chinanso chofunika kudziwa poika zolinga. Kilomita imodzi pa ola sigula masekondi ofanana paliponse. Kuchoka pa 35 kufika pa 36 kumadula masekondi 114. Kuchoka pa 39 kufika pa 40 kumadula 92. Kuchoka pa 44 kufika pa 45 kumadula 73 okha, pomwe mphamvu yofunika pa sitepe iliyonse ikukulirakulira. Amene anadula mphindi zisanu chaka chake choyamba asayembekezere kuti chaka chachiwiri chidzakhala chimodzimodzi, ndipo asadzione ngati walephera akadula imodzi.

Pa chifukwa chimenechi, ndikanakhala mlangizi wa wopalasa wathu, sindikanamulola kumata 15:00, 30:00 ndi 45:00 pachiwongolero pa mpikisano wotsatira. Akatero adzanyamuka ndi liwiro la munthu wa mawati 295 ali ndi miyendo ya 250. Adzafika pa kilomita ya 10 pa nthawi yake, mwina ngakhale ya 15, kenako adzaphwa, ndipo mwina adzamaliza mochedwa kuposa 1:03:45. Chizindikiro cha vutoli chimaoneka pogawa ulendo m'zigawo zinayi ukatha. Pa tsiku lopanda mphepo, zigawo zikakhala 15:05, 15:40, 16:20 ndi 16:40, vuto si liwiro lokha, ndi kunyamuka mwaukali. Zikakhala zonse pafupi ndi 15:56, kagawidwe ka mphamvu kali bwino ndipo chofunika ndi mphamvu yeniyeni kapena kakhalidwe panjinga. Onse awiriwa amaliza nthawi yofanana, koma mankhwala awo ndi osiyana.

Cholinga choyenera pakali pano ndi 1:02:00. Amenewo ndi masekondi 3720, kutanthauza 93 pa kilomita ndi liwiro la 38.7 pa ola. Mpata wake kuchokera pomwe ali ndi masekondi 105, kapena 2.6 pa kilomita, ndipo mphamvu yofunika ikukwera ndi pafupifupi 8 peresenti, yomwe angaigawe pakati pa kulimbitsa thupi ndi kukonza kakhalidwe. Pakapepala alembe 15:30, 31:00 ndi 46:30. Ngati m'mawa wa mpikisano mphepo ikuomba kumaso popita, awonjezere mphindi imodzi kapena ziwiri pa nambala ya potembenukira asananyamuke, n'kuwerengeratu liwiro lomwe adzafunike pobwerera. Akafika pakati pa 32:30, adzatsala ndi masekondi 1770, omwe ndi 88.5 pa kilomita, kapena 40.7 pa ola mphepo ikumukankha.